Mmene mungachotsere mawu okha mu vidiyo ya phunziro n'kuwasunga mu kafayilo kakang'ono

Muli ndi vidiyo ya phunziro ya ola limodzi ndi theka, aphunzitsi aima kutsogolo akungolankhula, chithunzi sichikusintha kwenikweni, koma fayilo yake ndi 1.2 GB yathunthu. Mufoni malo atha, kutumizira mnzanu ikukana kapena ikudya bandulo yonse, pomwe inu chomwe mukufuna ndi kumvera basi, mukuyenda kapena mukugwira tintchito tina. Ambiri akafika apa amangosintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .mp3, ena amaiponya mu pulogalamu yosinthira mafayilo n'kudina batani loyamba lomwe aona, kenako akudabwa kuti fayilo yatuluka idakali yaikulu kapena mawu akumveka ngati munthu akulankhulira m'madzi.

Nkhani yonse yagona pa kusamvetsa chinthu chimodzi: kukula kwa fayilo ya mawu kumadalira kutalika kwa phunziro ndi nambala imodzi yotchedwa bitireti. Mukadziwa kusankha nambala imeneyi ndiye kuti mungathe kudziwiratu kukula kwa fayilo musanayambe n'komwe. Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, vidiyo ya mphindi 90 ija, dzina lake `phunziro.mp4`.

Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta iliyonse, ngakhale yakale, chifukwa ntchito ya mawu siilemetsa makina ngati ya zithunzi
- Fayilo ya vidiyoyo, yathunthu, yoti mukaitsegula ikusewera mpaka kumapeto
- Pulogalamu ya FFmpeg, ndi yaulere. Ngati kulemba makomandi kumakuopsani, VLC nayonso imagwira, ndafotokoza pansipa
- Mahedifoni, oti mumvetsere bwino zomwe zatuluka
- Chilolezo cha aphunzitsi ngati mukufuna kugawira ena. Mawuwo ndi awo, kumvera nokha ndi kufalitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana

Sitepe 1: Yang'anani kaye mufoda

Musanavutike, onani ngati fayilo ya mawu okha palibe kale. Phunziro likajambulidwa ndi Zoom pakompyuta, nthawi zambiri mufoda yomweyo mumakhala kafayilo kena kothera ndi `.m4a` pambali pa vidiyo. Kameneko ndi mawu okha. Ngati kalipo ndipo kukula kwake kukukukwanirani, ntchito yatha. Ngati kakula, mutha kukachepetsa ndi makomandi omwewa a sitepe 5, mungoika dzina lake m'malo mwa la vidiyo.

Sitepe 2: Ikani FFmpeg

Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
winget install Gyan.FFmpeg
```

Pa Ubuntu ndi `sudo apt install ffmpeg`, pa Mac yomwe ili ndi Homebrew ndi `brew install ffmpeg`. Ikamaliza, tsekani windo yakudayo n'kutsegula ina yatsopano, kenako yesani `ffmpeg -version`. Pakatuluka mizere yambiri ya malemba ndiye kuti zili bwino.

Chenjezo: anthu amaiwala kutseka ndi kutsegulanso kuja, ndiye kompyuta imawayankha kuti `'ffmpeg' is not recognized`, iwo n'kumaganiza kuti yakana kulowa. Yalowa, kungoti windo yakale sinadziwe.

Tsopano muyenera kukhala mufoda momwe muli vidiyo. Pa Windows njira yachidule ndi iyi, tsegulani fodayo, dinani pamwamba paja pamene pamaoneka adiresi ya foda, fufutani zomwe zilipo, lembani `cmd` n'kudina Enter. Windo yakuda itsegukira momwemo.

Sitepe 3: Onani zomwe zili mkati mwa vidiyo

Sitepe iyi ndi imene ambiri amaidumpha, ndipo ine ndimati ndiyo yofunika kuposa zonse. Fayilo ya MP4 ili ngati bokosi, mkati mwake muli zinthu ziwiri zogonekedwa pamodzi, mzere wa zithunzi ndi mzere wa mawu. Ife tikufuna kutulutsa wa mawuwo, koma tidziwe kaye kuti ndi wotani.

```
ffmpeg -i phunziro.mp4
```

Patuluka malemba ambiri, musachite nawo mantha, ndipo kumapeto mudzaona `At least one output file must be specified`. Palibe chalakwika, ikungonena kuti simunaiuze kopita, ifeyo timangofuna kusuzumira. Fufuzani mzere womwe uli ndi mawu oti `Audio`. Mu chitsanzo chathu ukuoneka chonchi:

```
Stream #0:1: Audio: aac (LC), 48000 Hz, stereo, fltp, 128 kb/s
```

Pa mzere umenewu tengani zinthu zitatu. `aac` ndi mtundu wa mawu omwe ali m'bokosimo. `stereo` kutanthauza kuti muli njira ziwiri za mawu, ya khutu lakumanzere ndi ya lakumanja. `128 kb/s` ndiye bitireti ija, kuchuluka kwa deta yomwe sekondi iliyonse ya mawu ikudya. Pamwamba pang'ono pali `Duration`, kutalika kwa phunziro, kwathu ndi 01:30:00.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Bitireti kuchulukitsa ndi masekondi, kugawa ndi 8, kenako kugawa ndi 1000, yankho ndi MB. Mphindi 90 ndi masekondi 5,400. Ndiye 128 × 5,400 ÷ 8 ÷ 1000 zikutipatsa 86.4 MB. Taonani, mu 1.2 GB ija mawu akungotenga 86 MB yokha, zina zonsezo ndi chithunzi cha munthu ataima pa bolodi.

Chenjezo: ngati mizere ya `Audio` ilipo iwiri, sungani zimenezo m'mutu, tibwerako pa sitepe 6. Ngati palibe ndi umodzi womwe, fayiloyo ilibe mawu ndipo palibe pulogalamu yomwe ingawabweretse.

Sitepe 4: Kungotulutsa mawu osawasintha

Ngati 86 MB ili bwino kwa inu, njira yoyera kwambiri ndi kukopera mawuwo mmene alili:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -c:a copy phunziro.m4a
```

`-vn` ikuti siya zithunzi. `-c:a copy` ikuti mawu usawakhudze, ungowasamutsa. Imatha m'masekondi ochepa chabe chifukwa palibe chomwe ikuphika, ndipo mawu amatuluka ndendende mmene analili mu vidiyo, osatayako kalikonse.

Apa ndi pomwe anthu amapunthwa, amalemba `copy` koma dzina lakumapeto n'kuika `.mp3`. Sizingatheke, mawu a AAC sangagone mu fayilo ya MP3 osasinthidwa, ndipo FFmpeg ikukanirani ndi uthenga woti `Invalid audio stream`. Mukaona `aac` pa sitepe 3 dzina lithere ndi `.m4a`. Mukaona `opus`, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi mavidiyo a `.webm`, lithere ndi `.opus`.

Sitepe 5: Kuchepetsa kuti ikhaledi yaing'ono

Tsopano pachimake pa nkhani. Bitireti ya 128 ndi njira ziwiri zija n'zoyenera nyimbo, momwe muli gitala mbali iyi, ng'oma mbali inayo, ndi timawu tosongoka tambirimbiri. Phunziro ndi munthu mmodzi akulankhula pa maikolofoni imodzi. Khutu lakumanzere ndi lakumanja likumva zofanana, ndiye kusunga njira ziwiri n'kungogawa deta yanu pawiri popanda phindu. Tikaziphatikiza kukhala njira imodzi, imene amati mono, bitireti yonse imapita ku mawu amodziwo, n'chifukwa chake tingathe kuitsitsa kwambiri mawu n'kumamvekabe bwinobwino.

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -ac 1 -c:a libmp3lame -b:a 48k phunziro.mp3
```

`-ac 1` ndi mono ija. `-c:a libmp3lame` ikuti sintha mawu akhale MP3. `-b:a 48k` ndi bitireti yatsopano. Tiwerengere, 48 × 5,400 ÷ 8 ÷ 1000, ndi 32.4 MB. Kuchoka pa 1.2 GB kufika pa 32 MB, ndipo fayilo ya MP3 imasewera pafupifupi pa chilichonse, foni yamabatani, wailesi ya m'galimoto, kasipika ka memole khadi, zonse.

N'chifukwa chiyani 48? Ineyo ndi pamene ndimayambira nthawi zonse. Pa 64 mawu amamveka oyera pang'ono ndipo fayilo yathu ingakhale 43 MB, ndimapita pamenepo ngati m'chipinda munali phokoso kapena mawu ankabwerera m'makoma, chifukwa phokoso nalonso limadya deta, limalimbirana malo ndi mawu a aphunzitsi. Pa 32 fayilo ndi pafupifupi 22 MB, zimamvekabe ngati maikolofoni inali pafupi ndi pakamwa, koma mumayamba kumva kuti zilembo ngati s ndi sh zikusungunuka. Kutsika kuposa apo ndi MP3 sindikulimbikitsani, mphindi zisanu zoyamba mupirira koma ola lathunthu makutu amatopa, ndipo munthu wotopa makutu samva phunziro.

Ngati mukufunitsitsa kafayilo kakang'ono zedi, musafinye MP3, sinthani mtundu. Opus inapangidwa moganizira kwambiri mawu a munthu pa bitireti yotsika, ndi mtundu womwewo womwe mauthenga a mawu a pa WhatsApp amagwiritsa ntchito.

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -ac 1 -c:a libopus -b:a 24k phunziro.opus
```

Apa tikuyembekezera pafupifupi 16 MB pa phunziro lonse la mphindi 90, ingasiyaneko pang'ono poti Opus imakweza ndi kutsitsa bitireti molingana ndi zomwe zikumveka, pomwe aphunzitsi angokhala chete imadya zochepa. Ndipo mawu ake pa 24 amamveka bwino kuposa mmene MP3 ingamvekere pa nambala yomweyo, kusiyana kwake n'koonekeratu. Vuto lake ndi limodzi, si chipangizo chilichonse chomwe chimaidziwa. Mafoni a Android a masiku ano amaisewera, VLC imaisewera paliponse, koma timawailesi ndi mafoni akale ambiri sangaione n'komwe. Ndiye dzifunseni kuti amvera ndani ndipo amvera pa chiyani. Ngati ndi inu nokha pafoni yanu, Opus. Ngati mukutumiza ku gulu lonse la kalasi, MP3 ya 48, musadzavutike ndi mauthenga oti yanga ikukana kutseguka.

Chenjezo: musaike bitireti yoposa yomwe munaona pa sitepe 3. Ngati vidiyo ili ndi mawu a 64 kb/s inu n'kulemba 192k, fayilo ikula katatu koma mawu sasintha ngakhale pang'ono, zomwe zinatayika pojambula sizibwerera. Ndipo ngati bitireti ya mu vidiyo ndi yotsika kale, tinene 48 kapena 32, musavutike ndi sitepe ino, koperani ndi sitepe 4 basi.

Langizo langa lina, musadikire phunziro lonse kuti mudziwe ngati nambala mwasankhayo ili bwino. Dulani kachidutswa ka mphindi imodzi pakati n'kumvera:

```
ffmpeg -ss 00:30:00 -t 60 -i phunziro.mp4 -vn -ac 1 -b:a 48k yesero.mp3
```

Iyi ikuyambira pa mphindi 30 n'kutenga masekondi 60. Mverani ndi mahedifoni, ngati zikukoma pitirizani, ngati ayi kwezani nambala.

Sitepe 6: Kukonza timavuto ta phunzirolo

Maphunziro ambiri ojambulidwa amayamba ndi mphindi zingapo za anthu akukoka mipando, akudikira anzawo, kaya kuyesa maikolofoni. Popeza kukula kwa fayilo kumatsata nthawi, kudula zimenezi n'kuchepetsanso fayilo. Tinene phunziro lenileni likuyamba pa mphindi 7 n'kutha pa ola limodzi ndi mphindi 25:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -ss 00:07:00 -to 01:25:00 -vn -ac 1 -b:a 48k phunziro.mp3
```

Zatsala mphindi 78, fayilo yatsika kufika pa 28 MB. Koma musathamangire kudula kumapeto musanamvere, mafunso a ophunzira nthawi zambiri amabwera pamenepo ndipo mayankho ake nthawi zina ndi omwe amamveketsa phunziro lonse.

Ngati mawu ali pansi kwambiri, oti mukakweza voliyumu mpaka kumapeto mukumvabe movutikira, onjezani `-af loudnorm -ar 48000` musanalembe dzina la fayilo yotuluka. Imakweza mawu kufika pa mulingo wabwino. Dziwani kuti imakwezanso phokoso lomwe linalipo, fani ikamalira kumbuyo muimva kwambiri, ndiponso siigwira limodzi ndi `copy`, poti kukonza mawu ndi kuwasintha kumene.

Palinso vuto lina lomwe limasokoneza anthu kwambiri. Nthawi zina maikolofoni ya aphunzitsi inalumikizidwa mbali imodzi yokha, mukavala mahedifoni mawu akumveka khutu lakumanzere, lakumanja kuli zii kapena kukungosokosa. Mukaphatikiza ndi `-ac 1` mawu amatuluka ofooka chifukwa asakanizidwa ndi mbali yopanda kanthu ija. Choipa kwambiri ndi pamene mbali ziwirizo zinajambulidwa motembenuzana, mu vidiyo zikumveka bwinobwino koma mukangoziphatikiza zimafafanizana, fayilo ikutuluka pafupifupi chete. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi amodzi, tengani mbali imodzi yokha:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -af "pan=mono|c0=c0" -b:a 48k phunziro.mp3
```

Iyi yatenga mbali yakumanzere. Ngati mawu ali kumanja sinthani ikhale `c0=c1`.

Nanga mizere iwiri ya `Audio` ija? Zimachitika pamene pulogalamu yojambulira inasunga maikolofoni payokha ndi mawu a kompyuta paokha. FFmpeg imangosankha umodzi, ndipo mwina si umene mukufuna. Onjezani `-map 0:a:0` kuti mutenge woyamba kapena `-map 0:a:1` kuti mutenge wachiwiri, kuwerenga kwake kumayambira pa 0. Yesani yonse iwiri ndi kachidutswa ka mphindi imodzi kaja mumve komwe kuli aphunzitsi.

Ngati mukufuna kugwiritsa VLC

Tsegulani VLC, pitani pa `Media` kenako `Convert / Save`. Dinani `Add` musankhe vidiyo, kenako batani la `Convert / Save` pansi. Pa `Profile` sankhani `Audio - MP3`. Musadine `Start` panopa! Apa ndi pomwe pafupifupi aliyense amalakwitsa, chifukwa VLC payokha imaika 128 ndi njira ziwiri, ndiye mutulutsa 86 MB yomwe ija, mwasintha mawu popanda kupindula kanthu. Dinani kachizindikiro ka sipanala pambali pa `Profile`, pitani pa `Audio codec`, pa `Bitrate` lembani 48, pa `Channels` lembani 1, kenako `Save`. Tsopano `Browse`, perekani dzina latsopano lothera ndi `.mp3`, ndiyeno `Start`. Mzere wapansi uja uyenda ngati vidiyo ikusewera mothamanga, musatseke VLC mpaka utafika kumapeto, mukatseka msanga fayilo ikhala yoduka.

Sitepe 7: Tsimikizani musanafufute chilichonse

Onani kukula kwa fayilo, kukhale pafupi ndi zomwe munawerengera. Ngati mumayembekezera 32 MB koma yatuluka 9 MB, pali chomwe chadukira panjira. Onani kutalika kwake, kenako mverani malo atatu, poyamba, pakati ndi kumapeto kwenikweni, ndipo muiyesenso pa chipangizo chomwe muzidzamvera nacho, osati pakompyuta pokha.

Musanafufute vidiyo dzifunsenso ngati phunziroli likumveka popanda maso. Aphunzitsi a masamu akamati "tikatenga ichi n'kuika apa" akuloza pa bolodi, mu fayilo ya mawu simudziwa kuti ichi n'chiyani, apa ndi pati. Maphunziro otere sungani vidiyo pena pake, kapena jambulani zithunzi za sikirini pa malo ofunikawo, mawu akhale obwerezera chabe.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kusintha dzina kuchoka pa `.mp4` kupita pa `.mp3`. Mwangosintha chikwangwani cha pabokosi, zithunzi zidakali mkati, fayilo idakali 1.2 GB, ndipo zipangizo zina ziikana kumene.

Kusankha WAV poganiza kuti ndiye yabwino. WAV siifinya mawu ngakhale pang'ono, phunziro lathu la mphindi 90 lingatuluke pafupifupi 1 GB, kutsala pang'ono kufanana ndi vidiyo yomwe mumaithawa. Ndi yabwino kwa munthu amene akufuna kukonza mawu mu pulogalamu ngati Audacity, osati kusunga pafoni.

Kufinya chofinya kale. Mwapanga MP3 ya 64, mwaona kuti yakula, mwaitenga yomweyo n'kuitsitsa pa 48, kenako pa 32. Ulendo uliwonse ikutaya kenakake ndipo zotayikazo zimaunjikana. Mukafuna kuyesa nambala ina bwererani ku vidiyo yoyamba.

Dzina la fayilo lokhala ndi mipata. FFmpeg ikaona mpata imaganiza kuti dzina lathera pomwepo, n'kukuuzani `No such file or directory` fayilo ili pomwepo. Liikeni mkati mwa zizindikiro izi, `"phunziro la sabata 3.mp4"`.

Kuiwala `k` pa bitireti. `-b:a 48` si chimodzimodzi ndi `-b:a 48k`, yoyambayo ndi nambala yochepa kwambiri moti simupeza zomwe mumafuna.

Kuyankha `y` osawerenga. Ikakufunsani `Overwrite? [y/N]` ikutanthauza kuti mufodamo muli kale fayilo ya dzina lomwelo ndipo mukavomera yakaleyo ipita. Ngati munatcha phunziro la dzulo `phunziro.mp3` ndi la lero chimodzimodzi, la dzulo mwalitaya. Ikani deti kapena mutu wa phunziro m'dzina.

Kukweza vidiyo pa masamba a intaneti osinthira mafayilo. Mukutumiza 1.2 GB yonse kuti mulandire 32 MB, deta yomwe mumafuna kupulumutsa ija yapita, ambiri amakana mafayilo aakulu chonchi mutadikira kale nthawi yaitali, komanso mawu a aphunzitsi ndi a anzanu a m'kalasi mwawasiya pa makina a munthu amene simukumudziwa.

Ndipo mukaona uthenga woti `moov atom not found`, vuto si komandi yanu. Vidiyoyo ndi yoduka, kaya daunilodi inaima panjira kaya foni inazima ikujambula, ndipo kachigawo komwe kamafotokoza zomwe zili m'bokosi kakusowa. Fanizirani kukula kwa fayilo yanu ndi ya munthu amene anakupatsani, zikasiyana itengeninso kachiwiri, ndipo ulendo uno mudikire imalize.